Lendi ya shopu: kontirakiti yalembedwa miyezi 12, koma kodi ndi miyezi 12 di?

Sabata ino ndakhala pa mutu wa malizi mu IFRS 16, lamulo la akaunti lokhudza makontirakiti obwereka katundu wa lendi, mbali ya wobwereka, ndipo funso lomwe landidyera nthawi ndi la shopu ya lendi: kodi ndalama yomwe tikupereka kwa landilodi tingoilemba ngati lendi ya mwezi basi, kapena tiike aseti ndi ngongole mu balansi shiti? Ndikulemba izi kuti zikhazikike m'mutu, komanso ndaona anzanga m'kalasi akungothamangira kakyuleta asanawerenge kontirakiti, pomwe nkhani yonse imathera pa kuwerengako.

Kale pa lamulo lakale la IAS 17 zinali zosavuta, shopu ya lendi pafupifupi nthawi zonse inkangolowa ngati lendi, mwezi watha walemba, basi. IFRS 16 inayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2019 ndipo inatembenuza zinthu. Tsopano poyambira ndi poti lizi iliyonse imalowa mu balansi shiti, ufulu wogwiritsa ntchito shopuyo ndiye aseti, lendi yomwe walonjeza kudzapereka ndiye ngongole. Kulemba lendi mwachikale kwasanduka kothawira, ndipo makomo othawira alipo awiri okha. Khomo loyamba ndi la katundu wotchipa akakhala watsopano, monga laputopu kapena mipando ya mu ofesi, ili liiwaleni chifukwa amayang'ana mtengo wa chinthucho osati kuchepa kwa lendi, ndiye nyumba singalowepo ngakhale kashopuko kakhale kakang'ono bwanji. Latsala ndi la lizi yaifupi, yosapitirira miyezi 12, yopandanso mwayi wodzagula malowo. Ndiye pa shopu funso lonse limasanduka limodzi, lizi imeneyi ndi yautali wanji.

Apa ndi pomwe pali msampha. Tiyeni titenge chitsanzo, manambala ndangopeka kuti ndiyeserere. Kampani yabwereka shopu, kontirakiti ikuti miyezi 12, lendi 120,000 pa chaka, ndipo pansi penipeni pali kachiganizo koti wobwereka akafuna akhoza kuonjezera zaka ziwiri pa lendi yomweyo, landilodi sangakane. Kampaniyo yalipiranso ejenti 6,000 chifukwa chopeza malowo, kenako yaika mashelefu okhomera kukhoma, matailosi, mawaya a magetsi ndi chikwangwani, zonse pamodzi 150,000, zoti zikhoza kugwira ntchito zaka zisanu koma sungazizule n'kupita nazo kwina.

Munthu ukangoona 12 mtima umati zatheka, lizi yaifupi, lemba lendi. Koma utali wa lizi si nambala ya patsamba loyamba ayi. Ndi nthawi yomwe sungathe kuthetsa kontirakiti, kuphatikizapo nthawi yoonjezera ngati zili zotsimikizika ndithu kuti wobwereka adzaonjezera. Ndipo kutsimikizikako sikuti timafunsa bwana kuti mukuganiza bwanji, timayang'ana ndalama, kuti kodi kutuluka pakatha chaka kungamutayitse chiyani. Mu chitsanzo chathuchi kutuluka ndiye kuti wasiyira landilodi zinthu za 150,000 atangozigwiritsa ntchito chaka chimodzi, ndalama yoposa lendi ya chaka chonse, kuonjezapo mtengo wosamuka ndi makasitomala omwe azolowera malowo, komanso lendi ya zaka ziwiri zotsatirazo yamangidwa kale siikwera. Munthu woganiza bwino sangatuluke. Ndiye utali wa lizi ndi zaka zitatu, khomo la lizi yaifupi latsekeka.

Chomwe chandisangalatsa n'choti mukangosintha kachiganizo kamodzi yankho limatembenuka. Tinene kuti mwayi woonjezera uja mulibe, pakatha chaka landilodi ali ndi ufulu wokana ndipo onse awiri ayenera kukhalanso pansi n'kugwirizana zatsopano. Apo ngakhale wobwereka akulakalaka kukhala zaka khumi alibe ufulu woumiriza, ndiye nthawi zambiri lizi imathera pa miyezi 12 yomweyo. Ovuta ndi makontirakiti aja ongodzipitirira mwezi ndi mwezi mpaka wina atapereka notisi. Lamulo likuti lizi imasiya kukhala yomanga pamene onse awiri, wobwereka ndi landilodi, angathe kuithetsa popanda chilolezo cha mnzake komanso osataya kanthu kooneka. Komiti yomasulira malamulo a IFRS inafotokoza mu Novembala 2019 kuti kutayako si chindapusa cholembedwa mu kontirakiti chokha, ngakhale mashelefu ndi matailosi aja omwe ungasiye amawerengedwa. Ine apa ndimaona kuti ndi pomwe akauntanti ndi odita angakangane mpaka kutopa, onse ali ndi mfundo zomveka, ndiye bola kulemba zifukwa zako pa tsiku lomwe lizi yayamba osati kudikira chaka chithe.

Chabwino, tagwirizana zaka zitatu, tiwerengetse. Kuti zisavute ndikuyesa kuti lendi imaperekedwa kamodzi kumapeto kwa chaka. Ngongole siikhala 360,000 ayi, timatenga mtengo wa lero wa malipiro atatuwo, chifukwa 120,000 yodzapereka zaka zitatu zikubwerazo siyofanana ndi 120,000 ya lero. Chiwongoladzanja choyenera kugwiritsa ntchito ndi chomwe chabisika mu lizimo, koma pa shopu sungachidziwe kawirikawiri poti umafunika kudziwa mtengo wa nyumbayo ndi zomwe landilodi akuyembekezera kuti idzakhala ikatha lizi, zomwe sangakuuze. Ndiye timatenga chiwongoladzanja chomwe kampaniyo ikanalipira ikanakongola ndalama yofanana, kwa nthawi yofanana, ndi chikole chofanana. Tinene kuti ndi 10%. Pa Excel ndi kamzere kamodzi:

```
=PV(10%,3,-120000)
```

Yankho ndi 298,422, imeneyo ndiye ngongole pa tsiku loyamba. Aseti imayambira pa nambala yomweyo n'kuonjezapo 6,000 ya ejenti ija, poti ndalama imeneyo sikanatuluka lizi ikanapanda kutheka, ndiye debiti aseti 304,422, kirediti ngongole 298,422, kirediti banki 6,000. Mashelefu a 150,000 aja samalowa muno, ali ndi akaunti yawoyawo ya katundu wokhalitsa, ntchito yawo mu funsoli inali yotiuza utali wa lizi basi. Kungoti pochotsera mtengo wawo samalani, ngati mukuyembekezera kutuluka pakatha zaka zitatu ndipo simungapite nawo, muwagawe pa zitatu osati zisanu.

Kuchokera apa aseti ndi ngongole zimayenda njira zosiyana. Aseti imatsika mofanana chaka chilichonse, dipulisiyeshoni ndi 304,422 kugawa pa 3, yomwe ndi 101,474. Ngongole imayamba yakula ndi chiwongoladzanja kenako n'kutsika ndi malipiro. Chaka choyamba 10% ya 298,422 ndi 29,842, tikaonjeza n'kuchotsa 120,000 yomwe taipereka itsala 208,264. Chaka chachiwiri chiwongoladzanja chatsika kufika pa 20,826 poti ngongole yachepa, itsala 109,090. Chachitatu ndi pafupifupi 10,910 ndipo ngongole imathera pa ziro. Ikapanda kuthera pa ziro kapena pafupi kwambiri, dziwani kuti pena pasokonekera, ndipo nthawi zambiri ndi nkhani ya tsiku lolipira: lendi ya shopu imakonda kuperekedwa kumayambiriro, ndiye malipiro oyamba aja samalowa mu ngongole chifukwa aperekedwa kale, amangolowa mu aseti, ndipo chiwongoladzanja chimawerengedwa pa zomwe zatsala.

Tsopano taonani zomwe zikuchitika ku phindu. Chaka choyamba ndalama zochotsedwa ndi 101,474 kuphatikiza 29,842, zonse 131,316. Chachiwiri 122,300, chachitatu 112,384. Mukaphatikiza zimakwana 366,000, ndendende lendi ya zaka zitatu ndi ya ejenti ija, ndiye palibe ndalama yomwe yabadwa kapena kusowa, kungoti katundu wolemera wasenzedwa koyambirira. Bwana yemwe anazolowera kuona 120,000 chaka ndi chaka adzadabwa kuti phindu lachepa bwanji chaka choyamba pomwe landilodi sanakweze kalikonse. Komanso mzere wa lendi umasowa mu lipoti, m'malo mwake pamabwera dipulisiyeshoni ndi chiwongoladzanja, ndiye EBITDA, phindu lija lomwe timawerenga tisanachotse chiwongoladzanja, msonkho ndi dipulisiyeshoni, imaoneka yonenepa pomwe shopu ikugulitsa chimodzimodzi, ngongole nayo yakwera ndi 298,422 tsiku limodzi, zomwe zingavute ngati banki inaika malire a ngongole pa loni ina. N'chifukwa chake anthu amalimbikira kuti lizi yawo ioneke yaifupi, si ulesi wokha wa masamu.

Pali kamalo kena komwe mamalikisi amathawira pa mayeso, kugawa ngongole ya pafupi ndi ya patali. Pakutha pa chaka choyamba ngongole ndi 208,264, ndipo dzanja limafuna kulemba 120,000 ngati yolipira chaka chamawa. Koma mu 120,000 imeneyo muli 20,826 ya chiwongoladzanja chomwe sichinabadwe n'komwe. Njira yachidule ndi kuyang'ana zomwe zidzatsale pakutha pa chaka chachiwiri, 109,090, imeneyo ndiye ya patali, ndipo ya pafupi ndi yotsalayo, 99,174. Muonanso kuti aseti pa tsikuli ndi 202,948, yocheperapo kuposa ngongole, zimenezo si vuto, ndi mmene zimakhalira chifukwa aseti imatsika mwachangu koyambirira kuposa ngongole.

Nanga lizi ikakhaladi yaifupi? Apo debiti lendi kirediti banki, koma mofanana mwezi uliwonse osati potsatira tsiku lomwe ndalama yatuluka. Landilodi akapereka mwezi woyamba ulere pa lendi ya 10,000, mwalipira 110,000 pa miyezi 12, ndiye mwezi uliwonse mulemba 9,167 kuphatikizapo waulere uja. Kusankha njira imeneyi n'kwa gulu lonse la katundu wofanana, simungati shopu iyi tithawe ina ija tiike mu balansi shiti pomwe zonse ndi zazifupi. Ndipo lendi ina imakhalabe lendi ngakhale lizi ili yaitali, monga landilodi akamatenga 2% ya zomwe shopu yagulitsa, imeneyo siilowa mu ngongole chifukwa imadalira malonda omwe sanachitike, imalembedwa mwezi womwe malondawo achitika.

Chinanso, funso likanena kuti kampaniyo imatsatira IFRS for SMEs, buku la malamulo a makampani ang'onoang'ono ndi apakati, ndiye zonse zomwe ndawerengetsa pamwambapa sizikukhudza, gawo 20 la bukulo likadali pa kagawidwe kakale kaja, ndipo shopu ya zaka zitatu ngati iyi imangolembedwa lendi ya 120,000 chaka chilichonse.