Sopo wanga anali kukhwapa

Poti ena mwayamba kale kundifunsa kuti "abambo a thovu aja adzuka bwanji," bola ndifotokoze ndekha musanaithire mchere nkhaniyi. Ine ndimapanga sopo wogulitsa, ndipo inde, chithunzi chija cha bambo wathovu m'bafa chimene nonse mwachiona ndi chenicheni, ndinachilipira ndi ndalama zanga. Koma mumve kaye zimene ndinalembera mnyamata wondijambulira malebulo ndi zithunzi za sopoyo pa WhatsApp:

"Achimwene, ndikufuna lebulo ya sopo wa chammwamba, 9 kwa 6, yobiriwira bwino. Mujambulenso zithunzi zisanu, chimodzi sopoyo azioneka ali pa ntchito."

Ndi zomwezo basi. Iye anayankha kuti, "Zamveka, amayi." Ine ndinagona mtima uli m'malo ngati munthu wosainirana pangano ndi boma.

Malebulo anabwera 200, timakadi tafulati ta masentimita 9 kwa 6, ndendende mmene ndinalembera. Vuto ndi lakuti ine m'mutu mwanga munali lamba wa pepala wozungulira sopo m'chiuno. Manambala amene ndinamupatsa anali a nkhope ya sopo yokha. Sopo wanga ndi wa masentimita 9 m'litali, 6 m'lifupi, ndipo kuchindikala kwake ndi 2.5. Lamba amadutsa kutsogolo, m'mbali, kumbuyo ndi mbali inayo, ndiye kuti 6 ndi 2.5 ndi 6 ndi 2.5, zonse pamodzi 17. Kenako mumawonjezera 1.5 wa pamene mapeto awiri amasanjikizana kuti mumate guluu. Ndinayenera kulemba 18.5 kwa 5, 5-yo kukhala m'lifupi mwa lambayo. Kakadi kanga ndinakayesa kukakulunga ndithu, kanafika m'mbali n'kuthera pomwepo ngati chitenje cha mwana pa thupi la ntchembere.

Mtundu nawo unandichita chipongwe. Pa foni unali wobiriwira ngati munda wa tiyi ku Thyolo mvula itangokata. Pa pepala la khaki limene ndinasankha unatuluka ngati chigwada chogona mumphika. Foni imapanga mitundu ndi kuwala, zimene ojambula amaziona pa kompyuta ngati RGB, pomwe pulinta imasakaniza inki zinayi, CMYK, ndipo kubiriwira kowala kwambiri inki siikwanitsa. Komanso pulinta wamba ilibe inki yoyera. Paliponse pamene pa chithunzi pali poyera, imangosiya pepala mmene lilili, choncho dzina la sopo wanga, lolembedwa moyera, linatuluka lakhaki. Podziteteza ndinene kuti palibe anandifunsa za mtundu wa pepala. Komanso ndivomere kuti palibe amene ndinamuuza.

Tsopano chithunzi chachisanu.

Ndikamati sopo ali pa ntchito, ine ndinkaona manja awiri oyera, kathovu pang'ono, mwina kadontho ka madzi kakulendewera pa chala. Mnyamata uja anamva ntchito yeniyeni. Anatenga msuweni wake, bambo wa ndevu zake, n'kumuimika m'bafa la udzu kuseri kwa nyumba. Chithunzicho chinayambira pachifuwa kupita m'mwamba, ndipo pa chimenechi chokha ndimathokoza Mulungu. Mutu wonse unali thovu, mulu wake ngati nsima ya pamaliro. Diso limodzi anatsinzina, linalo linali psuu, likuyang'ana kamera ngati likufunsa kuti ndalakwanji. Mkono umodzi unali m'mwamba ngati mwana wodziwa yankho m'kalasi. Pa mpanda panali chinkhupule ndi kabudula. Kumbuyo tambala anali chilili, naye akudabwa. Ndinakuza chithunzicho ndi zala mpaka ndinawerenga ndevu, kufunafuna sopo wanga, sopo amene ndinamudikira milungu isanu ndi umodzi kuti akhwime. Anali kukhwapa. Kumangooneka kangodya kamodzi kobiriwira, kakusuzumira ngati kakupempha thandizo.

Ndinamuimbira. "Achimwene, sopo ali kuti?"

"Ali pa ntchito, amayi."

Ndinasowa poyambira, chifukwa mwanayo sananame. Cholakwa changa chachiwiri chinali kutumiza chithunzicho kwa mnzanga mmodzi yekha kuti andimvere chisoni, ndipo n'chifukwa chake nonsenu munachiona.

Ulendo wachiwiri ndinakhala pansi ndi rula, ndipo kalatayo inadzaza tsamba. Ndinajambula lambayo pa pepala n'kuika mizere pamene adzapindike, kuti mawu asagwere pa ngodya. Kutsogolo ndinati pakhale dzina la sopo ndi kulemera kwake. Kumbuyo pakhale zopangira, kuyambira chochuluka mpaka chochepa, dzina ndi keyala yanga, ndi kabokosi kopanda kanthu kodindapo tsiku ndi nambala ya mphika umene sopoyo anachokera. Mawu onse ndinalemba ndekha kuti iye angokopera, chifukwa wojambula akayamba kupeka zopangira, mudzapeza kuti sopo wanu muli uchi umene simunathiremo.

Ndinawonjeza kuti mtundu upitirire mamilimita 3 kunja kwa mzere wodulira mbali zonse, poti mpeni wa osindikiza umaphonya pang'ono ndipo umasiya kamzere kopanda inki m'mphepete. Mawu nawo atalikire mzerewo ndi mamilimita 3 mkati. Fayilo ibwere ya PDF, ya CMYK, pa 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse, ndipo aitumize ngati Document, chifukwa akaitumiza ngati chithunzi wamba WhatsApp amaifinya, tizilembo ting'onoting'ono n'kusanduka phala. Ndipo asindikize lebulo imodzi yokha pa pepala lenilenilo, ndiikulunge pa sopo, ndivomereze, ndiye enawo atsatire.

Zithunzi ndinazitchula chimodzichimodzi ngati ndikutuma mwana kumsika. Choyamba, sopo atavala lamba, kutsogolo, kumbuyo kwake kuli pepala loyera, chithunzi chofanana mbali zonse. Chachiwiri, kumbuyo kwa lamba, zopangira zikuwerengeka. Chachitatu, sopo wosavala pambali pa wovala kuti mtundu wake uoneke. Chachinayi, sopo ali m'dzanja kuti wogula adziwe kukula kwake. Kuwala kuchokere pa windo, chammbali, osayatsa kagetsi ka kamera, poti kamaphanima pa sopo n'kufufuta dzina limene ndinadinda. Chathovu chijambulidwe pomaliza ndi sopo wapadera, chifukwa wonyowa ngodya zake zimasungunuka ndipo amadetsa pepala. Pansi pake ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti MANJA OKHA, KULEKEZA M'CHIGONGONO, SOPO AZIONEKA, n'kudula mzere kawiri.

Zonse zinatuluka bwino. Lebulo yoyeserera inagwira sopo kuti gwa, ndinavomereza, tinasindikiza 200 ena. Chimene ndinaiwala n'chakuti sopo amene ndinayeza ndi rula uja anali wodula dzulo lake. Sopo wathu wopanga osaphika pamoto amataya madzi pa milungu imene akukhwima, ndipo amanyala. Amene ndinamudula ali magalamu 120 anatsika pa shelefu ali 109, lebulo ikulengezabe 120. Malamba ndinali nditawamata kale kuti ntchito ichepe. Tsiku lonyamula katundu ndinakweza sopo woyamba, lamba n'kutsetsereka kugwera pansi ngati buluku la munthu wodwala amene wangotuluka m'chipatala.

Panopa ndikudula 120 aliyense ndi bolopeni n'kulemba 105 pambali, kuopa kuti anganyalenso. Msuweni uja anatumiza uthenga kuti sopoyo ndi wabwino, kungoti amalowa m'maso, ndipo akufunsa ngati pali ntchito ina.