Mmene ndinawerengera mabuloko ndi konkire wa silabu ya malibu

Silabu yomwe ndikunena pano ndi ija timayala mabuloko amphako m'mizere pamwamba pa mashata, matabwa aja ogwira konkire asanaume, kusiya timipata pakati toti mulowe zitsulo ndi konkire, kenako n'kuthira konkire wopyapyala pamwamba ponse. Timipata timeneto tikadzaza konkire ndi tomwe timati malibu, ndipo ndi tomwe timanyamula katundu, bulokoyo ntchito yake ndi kungodzaza malo kuti silabu ipepuke basi. Ndiye kuwerenga kwake kumandisangalatsa chifukwa mabuloko ndi konkire zimayendera limodzi, ukaphonya chimodzi chinacho waphonyanso.

Chipinda chomwe ndinkagwirapo, kuyeza mkati mwa mabimu, mitanda ya konkire yonyamula silabu, chinali mamita 4.3 mbali yaifupi ndi mamita 6.1 mbali yaitali. Pulani ya injiniya inati buloko ikhale masentimita 40 mulifupi, 20 mulitali ndi 20 msinkhu, libu ikhale masentimita 10, ndipo konkire wapamwamba akhale masentimita 5. Ndiye silabu yonse kukhuthala kwake ndi masentimita 25. Malibu amayenda motsatira mbali yaifupi ija ya 4.3.

Poyamba ndinachita zachidule zomwe ambiri timachita. Buloko imodzi ndi libu yake zimadya masentimita 50, kutalika 20, ndiye pa sikweya mita pamalowa mabuloko 10, konkire wake n'kukhala 0.09 kiyubiki mita. Chipindacho ndi masikweya mita 26.23, ndiye ndinapeza mabuloko 262 ndi konkire 2.36 kiyubiki, ndinalemba pakapepala ndikuona ngati ndamaliza. Koma nditabwereranso pa pulani madzulo ndinaona kuti pafupi ndi mabimu, kumapeto konse kuwiri kwa malibu, injiniya anasiyapo masentimita 30 opanda buloko, konkire yekhayekha, komanso pakati penipeni panali libu ina yopingasa. Malo amenewo njira yachidule ija siwaona, imangoyesa kuti mabuloko ayalidwa kuchokera ku bimu kukafika ku bimu.

Ndiye ndinayambiranso, ulendo uno kuwerenga mizere ngati ndaima pamashata pomwepo.

Mbali ya 6.1 ndi yomwe imakuuzani kuti mizere ikhala ingati. Mizere 12 ya mabuloko ikudya mamita 4.8, pakati pake pali malibu 11 omwe akudya 1.1, zonse pamodzi 5.9, kutsala masentimita 20 omwe ndinagawa 10 mbali iyi 10 mbali inayo pafupi ndi bimu. Apa samalani, malibu apakati amachepa ndi imodzi poyerekeza ndi mizere, anthu ambiri amasokonezeka pomwepa. Mbali ya 4.3 ikukuuzani kuti mumzere umodzi mulowa mabuloko angati. Ndinachotsa masentimita 60 a konkire wa kumapeto kuja, ndi 10 a libu yopingasa, kutsala mamita 3.6, kugawa ndi 0.2 ndi mabuloko 18, ndiye kuti 9 uku 9 uko. Mizere 12 kuchulukitsa ndi 18, mabuloko 216. Osati 262 ayi.

Konkire sindinavutike n'kuwerenga libu iliyonse payokha. Ndinatenga silabu yonse ngati ilibe buloko, n'kuchotsapo malo omwe mabuloko akhala:

```
26.23 x 0.25 = 6.56
0.4 x 0.2 x 0.2 = 0.016
216 x 0.016 = 3.46
6.56 - 3.46 = 3.10
```

Buloko muiwerengere kukula kwake kwakunja, mphako zake momwemo, chifukwa konkire sakuyenera kulowa mkatimo. Ndiye konkire ndi 3.10 kiyubiki, pamene poyamba ndinalemba 2.36. Kusiyana kwakeko ndi 0.74, ndipo mukachulukitsa mabuloko 46 aja omwe sadzayalidwa ndi 0.016 mupeza 0.74 yomweyo. Apa m'pomwe zinandilowa m'mutu bwinobwino kuti paliponse pomwe buloko yachoka, konkire ndi amene amakhalapo. Ndikanatsatira kapepala koyamba kaja ndikanagula mabuloko ongounjika pansi, konkire n'kutithera silabu isanatseke, ndipo kuimitsa kuthira pakatikati kumasiya mgwirizano wofooka pakati pa konkire wouma ndi watsopano, zomwe sindifuna n'komwe pa silabu yoti anthu adzayendapo. Mabimu enieniwo sali mu 3.10 imeneyi, amenewo ndinawerenga paokha n'kuphatikiza pambuyo pake.

Mabuloko ndinaitanitsa 227, kuonjezera 5 pa 100 alionse chifukwa ena amasweka potsitsa ndi pokweza pamwamba. Atafika ndinatenga tepi n'kuyeza angapo ndisanalole kuti ayambe kuyala. Chitani zimenezi chonde, chifukwa buloko yotchedwa ya 40 nthawi zina imapezeka ndi 39, ndipo mukasunga mizere pa masentimita 50 ndiye kuti libu iliyonse yakula kufika 11, konkire akukwera inu osadziwa. Anga anali okwana, ndinapuma.

Pamashata ndinalemba ndi choko pomwe pathere konkire wa kumapeto ndi pomwe padutse libu yopingasa, ndipo tinadula kathabwa ka masentimita 10 koti tiziika pakati pa mizere poyala kuti mpata ukhale umodzimodzi. Titamaliza ndinayenda n'kuwerenga ndi chala mzere ndi mzere, 18, 18, mpaka 12 yonse.

Chomwe ndinakhalapo nthawi yaitali ndi kutseka kukamwa kwa mabuloko akumapeto. Mzere uliwonse uli ndi malo anayi pomwe mphako yayang'ana ku konkire, awiri ku mabimu ndi awiri ku libu yopingasa, ndiye pa mizere 12 ndi malo 48. Mukasiya osatseka, vaibureta yogwedezera konkire ikangolowa konkire amathamangira m'mphakomo, mumangoona libu ikutsika mukuthirabe osadzaza. Tingoyerekeza kuti malo alionse ameza malita 4, ndiye kuti pafupifupi malita 200 apita kosafunika, silabu yalemeranso mopanda phindu. Ife tinatseka ndi matope a simenti dzulo lake kuti agwire, ena amagula mabuloko otsekeka kale mbali imodzi.

Kwina komwe konkire amathawira ndi pamwamba. Pa chipinda ichi sentimita imodzi yokha yoonjezera pa 5 ija ndi 0.26 kiyubiki, ndiye tinakoka zingwe ndipo ndinali ndi kachitsulo kolembedwa pa masentimita 5 komwe ndinkabaya mukonkire mpaka kugunda buloko. Poganizira zonsezi ndi wotayika pansi, ndinakonzekera 3.4 kiyubiki. Injiniya anati simenti ikhale makilogalamu 350 pa kiyubiki, omwe ndi matumba 7 a makilogalamu 50, ndiye matumba 24 a gawo limeneli.

Tsiku lothira tinayamba ndi kunyowetsa mabuloko, chifukwa ouma amamwa madzi a konkire wa m'malibu n'kumusiya wofooka m'mbali. Miyala tinagwiritsa ntchito yaing'ono kuti idutse bwino pakati pa zitsulo mumpata wopanikizika uja, mawilibala ankayenda pamatabwa osati pamabuloko, ndipo malibu ndi pamwamba tinathira nthawi imodzi kuti zigwirane. Titasalaza pomaliza panatsala konkire wosakwana mawilibala awiri, ndipo m'mawa mwake tinayamba kuthirira madzi.