Wakuba mayunitsi m'nyumba mwanga

Mayunitsi 100 a magetsi kwathu ankatha masiku 20. Mwezi wa Juni uno, chiperoni chitagwira Bangwe yense, mayunitsi omwewo anatha masiku 6. Ndinagula ena, nawonso masiku 6. Ulendo wachitatu mita itayamba kulira usiku ngati mwana wanjala, ndinadzuka n'kulengeza kuti m'nyumba muno muli wakuba, ndipo ndimugwira.

Woganiziridwa ndinali naye kale. Apongozi anga anabwera kuchokera ku Thyolo kudzaonana ndi adokotala a maso, ndipo munthu wa ku Thyolo ndi tiyi salekana. Ketulo inkalira m'mawa, masana, madzulo. Pakamwa sindikanatha kunena, mpongozi sauzidwa za ketulo. Ndinkafuna umboni woti uyankhule wokha ine nditakhala chete mwaulemu.

Mlamu wanga, mchimwene wa mayi a Chikondi, ndi wamagetsi. Ndinapita kukabwereka kachipangizo kake kotchedwa kilampu mita, kamene kali ndi kukamwa ngati nkhanu. Ukakanikiza pambali kamayasamula, n'kuluma waya, ndipo pagalasi pamaoneka maampu amene akudutsa mu wayayo popanda kudula kapena kusenda chilichonse. Alamu anali pa changu. Anangoti, "Muike pa A~, mulume waya, muwerenge. Koma alamu, mudikire Loweruka ndidzakuonetseni." Ine ndinati kuluma waya n'kosafuna sukulu.

Lachisanu madzulo ndinaitanitsa banja lonse kukhitchini, apongozi ndinawaikira mpando. Ndinathira madzi m'ketulo, kuyatsa, n'kulumitsa kachipangizo kaja pa nthambo yake. Ketulo ikuchita phokoso, nthunzi ikutuluka, koma pagalasi 0.00.

Ndinagwedeza. 0.00. Ndinapita pa ayironi, 0.00. Filiji, 0.00. Wailesi yakanema ikuonetsa nkhani, mawu ali pamwamba, koma nayo 0.00. Malinga ndi kafukufuku wanga, nyumba yonse inkayendera mphamvu ya Mzimu Woyera.

Apongozi anafunsa mofatsa, "Bambo, ndiye kuti ketuloyi ilibe mlandu?"

Ndinayankha kuti zikuoneka choncho. Iwo anati popeza madzi awira kale, asatayike, ndipo anapanga tiyi. Chikondi, yemwe ali Sitandade 7, anafunsa ngati tingasiye kuzimitsa wailesi yakanema poti siidya kanthu. Mayi ake sananene chilichonse, anangondiyang'ana muja amayang'anira wogulitsa tomato wowola.

Loweruka alamu anafika, ndipo ndinawalandira ndi madandaulo akuti anandibwereka chinthu chakufa. Anandiuza kuti ndiwaonetse mmene ndinkachitira. Nditalumitsa pa nthambo ya ketulo, anaseka mpaka kutsamira chitseko.

Kenaka anandifotokozera. Nthambo ya ketulo imaoneka imodzi kunja, koma mkati muli mawaya atatu: wabulauni wobweretsa moto, wabuluu wobweza, ndi wobiriwira wamizere yachikasu wa efi. Kachipangizoka sikakhudza magetsi enieniwo, kamangomva mphamvu ya maginito imene imazungulira waya pamene magetsi akuyenda. Tsono magetsi amene akupita ku ketulo pa waya wabulauni ndi omwewo akubwerera pa wabuluu, muyezo umodzi koma njira zosiyana. Ukaluma onse pamodzi, maginito a uyu amafafaniza a uyo, n'kutsala ziro. "Zili ngati kuwerenga phindu la minibasi imene yapita ku Limbe ndi anthu 15 n'kubwera ndi anthu 15, inu n'kumati sinanyamule munthu," anatero. Fanizolo silinandigwire mtima kwenikweni, koma mfundo ndinaimva: waya umodzi basi.

Ndinatenga mpeni kuti ndisende nthambo ya ketulo. Mayi a Chikondi anagwira ketulo yawo ngati mwana. Alamu anandilanda mpeniwo n'kutulutsa m'chikwama kachingwe kawo kakafupi, pulagi mbali ino, soketi mbali inayo, pakati atachotsa chikopa chakunja chokha moti mawaya atatu aja ankaoneka padera, lililonse likadali ndi chikopa chake, popanda mkuwa woonekera. Umalowetsa kachingweko pakhoma, chipangizo n'kuchilowetsa ku soketi yake, n'kuluma wabulauni yekha. Anandichenjezanso kuti kukamwa kuzitsekeka bwinobwino, chifukwa kukatsala kampata nambala imatsika, ndipo waya azikhala chapakati.

Tinayambiranso, banja lonse lilipo, apongozi pampando wawo womwe uja. Ketulo: 8.6.

Mtima wanga unavina. Alamu anati tichulukitse ndi 230, mavoti a magetsi athu kuno, ndipo zinatuluka mawati 1,978. Tinatembenuza ketulo, pansi pake palembedwa 2000W. Ndendende. Ndinatsokomola pang'ono kuti aliyense amve, osayang'ana kumene kunali apongozi.

Alamu atatuluka kukayankha foni, ndinapitiriza ndekha. Ndinayeza tchaja ya foni ya Chikondi: 8.6. Ndinakuwa kuti mwana uyu ndiye watimaliza, kafoni kakang'ono kudya ngati ketulo! Mwana anayamba kulira. Ndinazula tchaja pakhoma kuti ndimuonetse kusiyana kwake, koma pagalasi panali 8.6 pomwepo. Ndinachotsa kachipangizo pa waya, n'kukakweza m'mwamba, kakuluma mphepo yokha: 8.6. Alamu pobwera anangodina kabatani kolembedwa HOLD, kamene chala changa chinakanikiza mosadziwa, kogwira nambala kuti isasinthe. Tchaja ija itayezedwa bwino, nambala yake inali yosaoneka n'komwe. Ndinalonjeza Chikondi mandasi.

Zotsalazo zinayenda msanga. Ayironi inaonetsa 5.2, koma ikatentha inkadzizimitsa yokha n'kugwa pa ziro, kenaka n'kuyambanso. Filiji poyamba inali pa ziro, ine n'kuyamba kale kukayikira kachipangizo, koma alamu anati tidikire injini yake idzuke. Itadzuka nambala inalumpha kwa kamphindi n'kukhazikika pa 0.8. Anati pa zinthu za injini ngati filiji, kuchulukitsa ndi 230 kumapereka nambala yokulirapo kuposa imene mita imadula, pamene pa zotenthetsa ngati ketulo ndi ayironi masamuwo amakhala olondola. Wailesi yakanema 0.3. Nsima timaphika pa makala, ndipo giza tilibe, timasamba madzi a pambaula.

Choncho pa maampu, ketulo inapambana popanda wopikisana naye. Ndinayamba kukonza mawu aulemu onena kuti tiyi wambiri sathandiza maso.

Alamu anafunsa mlongo wawo kuti ketulo imawira kangati patsiku. Anati kanayi, mwina kasanu apongozi akazizidwa, ndipo imatenga mphindi 5. Alamu analemba kuseri kwa risiti ya mayunitsi: kasanu ndi mphindi 25, ndipo chinthu cha mawati 2,000 chimadya mayunitsi 2 pa ola lathunthu, ndiye mphindi 25 sizikwana ngakhale yuniti imodzi. "Inu mukutaya mayunitsi pafupifupi 17 patsiku, kale munkataya 5. Tikusaka 12. Ketuloyi ndi munthu wodya mbale yaikulu kamodzi n'kuchoka. Amene tikumufuna ndi wodya pang'onopang'ono koma osachoka pa mphasa."

Anatiuza kuti tizimitse chilichonse m'nyumba, ngakhale filiji. Kenaka anatsegula chivundikiro cha bokosi la mabuleka, n'kundiuza kuti manja anga akhale m'thumba, chifukwa mmenemo muli malo amene amakhalabe ndi moto ngakhale utagwetsa swichi yaikulu, ndipo si mwa munthu amene posachedwapa ankayeza mphepo. Analuma waya wofiira wochokera ku mita, nyumba yathu ndi ya mawaya akale, ofiira ndi akuda. Nyumba yonse ili zii, pagalasi 2.2.

Anachulukitsa: mawati 506. Pa maola 24, mayunitsi 12 ndi kakusiya. Wakuba uja ndi ameneyu.

Apa ndiye ndinapsa mtima zenizeni. Zonse zazima koma moto ukuyenda, ndiye kuti wina walumikiza waya kunja! Ndinatuluka mpaka kumpanda n'kuyamba kuyankhula mokweza, moyang'ana kwa aneba, kuti anthu ena amapemphera Lamulungu koma usiku amawotha magetsi a anzawo. Aneba anasuzumira ali ndi mswachi m'kamwa, osamva kuti nkhani ndi yotani.

Alamu anandiitana kuti ndibwere tione kaye. Anayamba kugwetsa mabuleka limodzilimodzi, diso lili pagalasi. La magetsi a m'denga, 2.2. La masoketi a kukhitchini ndi pabalaza, 2.2. La masoketi a kuzipinda, 0.00.

Ndipo nthawi yomweyo, kuseri kwa nyumba, anapiye 100 anayamba kulira onse pamodzi.

Palibe anayankhula. Tinangotsatira phokosolo pamzere, alamu patsogolo, ine pambuyo penipeni. Kuseri kwa wadiropu ya kuchipinda kwathu kuli soketi, ndipo pa soketipo panali chingwe chimene chinadutsa pawindo kupita ku khola. Anachilumikiza ndi manja ake ndi ineyo, kumayambiriro kwa Juni, tsiku limene ndinabweretsa anapiye a bizinesi yanga yatsopano. Kumapeto kwa chingwecho kunali mababu awiri ofiira otenthetsera anapiye, oyaka usana ndi usiku chifukwa cha chisanu. Alamu anapukuta fumbi pa limodzi n'kundiwerengetsa mokweza ngati mwana wa sukulu: 250W.

Ndinayesa kudziteteza kuti babu ndi babu, mababu sadya magetsi. Alamu anati a m'nyumbawa ndi a mawati 9, moti limodzi la m'kholali likudya ngati mababu 27 a m'nyumba, ndipo ine ndapachika awiri. Ntchito yake si kuwala, ndi kutentha, ndipo chilichonse chotenthetsa ndicho chimakhetsa mayunitsi.

Apongozi anasuzumira m'khola, n'kuyang'ana anapiye ataunjikana pakona, ndipo anati, "Koma anenepa bwino, bambo. Zikuoneka kuti akudya bwino." Sindinadziwe ngati ankanena za chakudya.

Kwa aneba ndinapita ndekha madzulo, nditanyamula mawu opepesa ndi lonjezo la nkhuku imodzi ikakula. Chikondi anakumbutsa za mandasi. Mayi ake anatenga kope la bizinesi yanga, limene ndinkawaonetsa monyadira kuti phindu likhala lalikulu, n'kulemba mzere watsopano pansi pa chakudya ndi katemera: magetsi, mayunitsi 12 patsiku, kuyambira tsiku loyamba. Phindu lija linaonda pomwepo ine ndikuona.

Usiku umenewo anapiye anagona ndi mbaula ya makala yotchingidwa ndi waya, zenera la khola litatsekulidwa pang'ono kuti utsi uzituluka, ndipo woidzukira kawiri kukaonjezera makala ndinali ine. Cha m'ma 4 koloko m'mawa ndikubwera kukhola, mano akugundana, ndinapeza kukhitchini kukuwala. Apongozi anali atadzuka kale, ketulo ili pamoto.

"Bambo, ndikuthireni? Akuti siifika ndi yuniti imodzi yomwe."

Ndinalandira kapuyo ndi manja awiri.