Mmene ndidakonzera sewero lathu la pa wailesi, ndi tsiku lomwe situdiyo idatidyera

Gawo loyamba la sewero lathu lajambulidwa tsopano, ndipo mtima wanga wakhala pansi. Gulu lathu lidazolowera pa siteji, m'masukulu ndi m'misika, koma ulendo uno tidapatsidwa mphindi 15 pa wailesi ina ya m'dera, ndipo ntchito yolemba idagwera ine. Ambirife tidakula tikumvera Sewero la Sabata Ino pa MBC, ndiye khutu lathu limadziwa kale sewero labwino. Koma kumvera n'kwina, kuyala sikiripiti yoti munthu ali ku dimba ndi kawailesi kake aone zonse m'mutu n'kwinanso.

Yambani ndi nthawi. Mphindi 15 si zanu zonse. Nyimbo yotsegulira, wolengeza, ndi kutchula mayina pomaliza zimadya pafupifupi mphindi ziwiri. Zotsalazo ndidazigawa tizigawo tisanu, kalikonse ka mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo kagawo kalikonse ndidakapatsa malo amodzi ndi chinthu chimodzi chimene chisinthe. Musadalire kuwerenga masamba podziwa kutalika kwake. Mawu a Chichewa ndi ataliatali, moni wathunso amatenga nthawi, choncho werengani mokweza wotchi ili pambali.

Chimene chidandigwiritsa ntchito kwenikweni ndi kagawo ka ku chigayo. Nkhani yake ndi ya Nabanda, yemwe wapita kukagayitsa ndi mlamu wake, n'kupeza kuti mwamuna wake adagulitsa chimanga mobisa n'kudzazamo madeya m'thumba. Pa siteji kagawoka kadalibe mawu ambiri. Mayi amamasula thumba, kupisa dzanja, nkhope n'kugwa, anthu n'kuyamba kukuwa okha. Pa wailesi palibe thumba, palibe nkhope. Mmene kadathera ndi momwemu:

1. PHOKOSO: CHIGAYO CHIKULIRA. PAKATHA MASEKONDI 4 CHITSIKE, CHIZIMVEKA PANSI PA MAWU.
2. WACHIGAYO: (PATALI, MOKUWA) Wotsatira! Nabanda, sendezani thumba lanu kuno, chigayo chisalire chabe!
3. PHOKOSO: THUMBA LIKUKWEKWEREZEDWA PA SIMENTI.
4. NABANDA: (PAFUPI) Mlamu, tandigwirirani mbali iyo. Iii, lapepuka bwanji? Tsiku lija tidalinyamula anthu awiri.
5. MLAMU: Mwina achimwene adapungulako cha nkhuku.
6. PHOKOSO: DZANJA LIKUVUNDULA M'THUMBA.
7. NABANDA: (MOTSITSA MAWU) Chimanga chili pamwamba pokha. Pansi ponsepa ndi madeya.
8. PHOKOSO: CHIGAYO CHIZIME.
9. MLAMU: Tiyeni tituluke, mlamu, anthu akutiyang'ana.

Taonani mzere wachiwiri. Wachigayoyo alibe ntchito ina m'nkhani yonse, koma m'mpweya umodzi watiuza malo, watchula dzina la mayiyo, ndipo watiuza kuti pali thumba. Mawu akuti chigayo ndidawaika dala pakamwa pake, chifukwa phokoso la chigayo palokha silidziwika. Tidalijambula ndi foni pa chigayo chenicheni, koma tikaliseweretsa wina amati ndi jenereta, wina amati ndi lole ikukwera chitunda. Phokoso lambiri ndi lotero. Mvula ya pa malata imamveka ngati wailesi yataya siteshoni mpaka wina atanena kuti “mvulayi siikata lero”. Phokoso limayamba, mawu amalitsimikiza, kenaka mumalitsitsa kuti lisamize olankhula. Mukalisiya pamwamba kagawo konse, womvera wa kawailesi kakang'ono samva kanthu.

Mzere wachinayi ndi wachisanu ukugwira ntchito ya ubale. Nabanda akangoti “mlamu”, winayo n'kuti “achimwene”, womvera wadziwa kuti ameneyu ndi mchemwali wa mwamunayo, ndipo wadziwanso chifukwa chake akuikira kumbuyo mbale wake. Apa chilankhulo chathu chimatithandiza kwambiri. “Apongozi”, “amake mwana”, “malume”, “a mfumu”, mawu amenewa amaika munthu aliyense pamalo pake popanda wofotokoza nkhani. “Odi!” wochokera patali ndi “Fikani!” wochokera pafupi zimakwanira kuonetsa kuti wina wafika pakhomo. Simufunika chitseko cholira chija chomwe ena amachiika m'nyumba iliyonse.

Mzere wachisanu ndi chiwiri ndi pamene pamagwa ambiri. Chiyeso chimakhala cholemba kuti, “Ndamasula thumba, ndapisa dzanja langa, ndipo ndikuona madeya m'malo mwa chimanga.” Palibe munthu amalankhula choncho. Munthu amanena zimene zamupweteka, osati zimene manja ake akuchita. Ndiye funsani kuti mayiyu anganene chiyani kwa mlamu wake pa nthawiyi, musankhe mawu omwe akuonetsanso chithunzi. Kenaka chigayo chizime. Bata limene likubwera pamenepo limalemera chifukwa khutu lidazolowera phokoso. Koma lisapitirire masekondi awiri kapena atatu, ndipo musiyemo timawu ta amayi apamzere chapansipansi, chifukwa pa wailesi pakangoti zii womvera amaganiza kuti mabatire atha.

Njira yoyesera ndi imodzi: pezani munthu amene sakuidziwa nkhaniyo, mumukhazike atakufulatirani, muwerenge kagawoko. Mukamaliza mumufunse kuti tinali kuti, panali anthu angati, chachitika n'chiyani. Ife tidakhazika mayi wina wogulitsa mandasi pafupi ndi pomwe timayeserera, ndipo iye ndi amene adatiuza kuti m'kagawo ka pa bwalo la mfumu sankadziwa kuti mwamuna wa Nabanda alipo.

Tsopano za situdiyo, chifukwa mpaka lero zikandibwerera mtima umawira. Sikiripiti ndidaisiya ku ofesi yawo nthawi ikadalipo, kuti aione ngati ili bwino. Bambo wa pa ofesipo adailandira, adalandiranso ndalama ya tsiku lonse la situdiyo, adalemba lisiti, n'kunena kuti zonse zili m'malo. Tsiku lojambula tidalawirira m'mamawa, anthu atalipira minibasi ndi ndalama zawo, wina atapempha tchuthi ku ntchito, mayi wina atasiya mwana kwa aneba. Tekinishani atafika adatenga mapepala athu, kuwatembenuza kawiri, n'kunena kuti sangajambule ndi zimenezi. Mizere ilibe manambala, phokoso lasakanikirana ndi mawu a osewera, mapepala asindikizidwa mbali zonse ziwiri ndiponso alumikizidwa ndi waya. Tidafunsa kuti nanga bwanji simudanene kale? Adati iye akuiona koyamba. Sikiripiti yathu idali m'dirowa ya ku ofesi, envulopu yake yosatsegula n'komwe.

Ndidathamanga kukaikonza pa malo ena olembera makalata, koma pobwerera ndidapeza nthawi yathu aipereka kwa anthu ojambula malonda. Tidakhala pa khonde mpaka dzuwa kupendeka, njala itatikola, bambo wa ofesi uja akungoti “tiona, tiona”. Ndalama sadabweze. Adati tsiku lidali lathu, ndife tidalephera kuligwiritsa ntchito, ndipo tsiku lina tidalipiranso. Anzanga a m'gulu aja adachita kusonkha ndalama imeneyo, ndipo chimene chimandiwawa n'chakuti kungotsegula envulopu kukadatha nkhani yonse.

Zimene tekinishani ankafuna, kunena zoona, zili ndi chifukwa. Manambala ndi oti wina akapunthwa, wotsogolera angoti “tibwerere pa 7”, aliyense n'kupeza pomwepo. Mizere ya phokoso imalembedwa payokha m'zilembo zazikulu kuti iye, ali kuseri kwa galasi, aione msanga, komanso kuti wosewera asaiwerenge ngati mawu ake. Dzina la wolankhula likhale kumanzere, mizere italikirane kuti anthu azilembamo ndi pensulo, ndipo mawu a munthu mmodzi asadukire pa tsamba lina. Sindikizani mbali imodzi, osalumikiza, chifukwa maikolofoni imatola kulira kwa pepala kuposa mmene mungaganizire. Wosewera akamaliza tsamba amangolitsetsereza pambali mwakachetechete. Musanapereke ndalama, kaonaneni ndi tekinishani mwini wakeyo, osati a ku ofesi okha.

Ndibwerere pa bwalo la mfumu paja, ndidangopadutsa. Pa siteji mwamuna wa Nabanda amakhala chete atazolika, ndipo kukhala chete kwakeko ndiko kumasangalatsa anthu. Pa wailesi munthu amene wakhala chete kwa theka la mphindi wasowa. Ndidachita kumupatsa timawu tating'ono, “Ndamva, a mfumu”, kutsokomola, kapena mfumu imutchule kuti “Inu a Phiri, mwangozolika bwanji?” Ndidachotsanso nduna ziwiri ndi mboni imodzi, chifukwa khutu limatsata bwino anthu atatu kapena anayi pa kagawo, kupitirira apo limasokonezeka. Gulu la pa bwalo lidangokhala phokoso la kumbuyo. Ndipo posankha osewera mvetserani mawu, osayang'ana nkhope. Amayi athu awiri odziwa kusewera kwambiri ali ndi mawu ofanana, moti sindikadawaika pa kagawo kamodzi. Mayina nawonso asafanane: Chikondi, Chifundo ndi Chisomo m'sewero limodzi ndi chisokonezo chokhachokha.

Mawu aja a m'mabulaketi, PAFUPI ndi PATALI, musawanyalanyaze. M'kagawo kalikonse sankhani munthu mmodzi amene womvera waima naye. Ku chigayo tili ndi Nabanda, choncho iye ali pafupi ndi maikolofoni, wachigayo ali patali. Munthu akamachoka, lembani AKUCHOKA ndipo mumupatse mawu oti azinena akubwerera m'mbuyo, chifukwa kuchepa kwa mawuwo ndiko kumaonetsa mtunda. Mapazi okha pa dothi samveka.

Pochoka pa kagawo kena kupita pa kena ndidagwiritsa ntchito kanyimbo ka gitala ka masekondi asanu, koma osati paliponse. Pena mzere womaliza umatsegulira wokha kotsatira. Mlamu akati “tikaonane nawo achimwenewo kunyumba”, chigayo chatha, nkhululu zayamba kulira, mbale zikugundana, womvera wadziwa kale kuti tili kunyumba ndipo kwada. Tambala ndi m'mawa, achule ndi dzinja. Kagawo katsopano kayambe ndi phokoso losiyana ndi lomwe latha, apo ayi anthu adzaganiza kuti tikadali pomwe paja. Apanso mukhazikeni munthu uja akufulatireni, mumuwerengere malekezero a kagawo kena ndi chiyambi cha kotsatira, muone ngati wasamuka nanu.

Titawerenga sewero lonse ndi wotchi lidapitirira ndi mphindi imodzi ndi theka. Sindidakhudze kagawo ka ku chigayo. Ndidadula moni wa pa bwalo la mfumu, mlandu n'kuyambira pakati, pomwe mfumu ikufunsa kuti chimangacho chidapita kwa yani. Gawolo limathera pa funso lomwelo, a Phiri asanayankhe, nyimbo yotsekera n'kulowa.