Pomwe ndafika ndi pepala la kangaru

Asaimenti yathu yaunamwino ikufuna kuti tisankhe kafukufuku mmodzi ndi kumusanthula, tione ngati zotsatira zake nzoyenera kusinthira kasamalidwe ka odwala. Kwa ine ntchitoyi yasanduka chokonda cha madzulo. Ndinasankha kafukufuku wa WHO wa kangaru, njira yosunga khanda pachifuwa cha mayi khungu ndi khungu, woyamba mwana akangobadwa, amene anatuluka mu New England Journal of Medicine mu 2021. Anachitikira ku Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania. Ku Malawi kunali ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo izi zinandikoka chifukwa amayi a kumeneko sasiyana kwenikweni ndi athu a kuno ku Chipata.

Funso la PICO, lofunsa kuti odwala ndi ndani, anapatsidwa chithandizo chanji, anayerekezedwa ndi chiyani ndipo ankayeza chiyani, silinanditengere nthawi. Odwala ndi makanda olemera kuyambira 1.0 mpaka 1.799 kilogalamu. Gulu lina linaikidwa pachifuwa cha mayi nthawi yomweyo, lina linayamba lasamalidwa mu inkyubeta kapena pa makina ofunditsa mpaka litakhazikika. Chimene ankawerenga ndi imfa, pa maola 72 ndi pa masiku 28.

Kenako ndinatsata mafunso a CASP, mndandanda wounikira ngati kafukufuku anachitidwa bwino. Makanda 3,211 anagawidwa mwa maere, 1,609 uku, 1,602 uku, ndipo tebulo loyamba likuonetsa kuti magulu awiriwa anayamba ali ofanana. Pa funso loti kodi osamalira ana anabisiridwa gulu la mwana, yankho ndi ayi, ndipo sizikanatheka. Mwana womangidwa pachifuwa aliyense amamuona. Mnzanga wina anafuna kuti tilichotsere mamakisi ambiri pepalali pa chifukwa chimenechi. Ine ndinakana. Akanakhala kuti ankayeza ululu kapena kukhutira kwa mayi, maganizo a woyeza akanalowerera. Imfa siisintha ndi maganizo a woilemba. Chodetsa nkhawa chenicheni nchoti nesi angathe kuonetsetsa kwambiri gulu limodzi, ndipo ndicho ndalemba.

Pomwe ndakhalitsa ndi pa zotsatira. Pofika masiku 28, m'gulu la kangaru wansanga munamwalira ana 12.0 peresenti, m'gulu linalo 15.7 peresenti. Pepala likuti RR, nambala yoyerekeza chiopsezo cha magulu awiriwa, ndi 0.75, kutanthauza kuti chiopsezo cha imfa chinatsika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Koma nambala imeneyi payokha siuza nesi kuti ndi ana angati. Ndinatenga pensulo: 15.7 kuchotsa 12.0 kutsala 3.7. Ndikagawa 100 ndi 3.7 ndikupeza pafupifupi 27. Ndiye kuti pa makanda 27 oyambitsidwa kangaru msanga, mmodzi amene akanamwalira amapulumuka. Mzere umenewu ndaulemba ndi bolopeni yofiira m'kope langa, chifukwa ndiwo ndingaufotokoze kwa asisita mu wodi iwo nkundimva.

Pambali pa RR pamakhala manambala awiri a 95% CI, malire a pomwe choonadi chingakhale. Pa masiku 28 ndi 0.64 mpaka 0.89. Onse ali pansi pa 1, choncho ngakhale titatenga mbali yofooka, phindu lilipobe. Pa maola 72 nkhani ndi ina. Imfa zinali 4.6 ndi 5.8 peresenti, RR 0.77, yooneka yokongola ngati yoyamba ija, koma malire ake ndi 0.58 mpaka 1.04. Adutsa pa 1, pomwe magulu awiri sasiyana. Apa sindingalembe kuti kangaru anachepetsa imfa za masiku atatu oyamba, ndiponso sindingalembe kuti sathandiza. Ndalemba kuti kafukufukuyu sanathe kutsimikiza.

Chinanso, anauimitsa usanafike kumapeto, komiti yoyang'anira itaona kuti phindu laonekeratu. Chinali chanzeru pa miyoyo ya ana, koma kafukufuku woimitsidwa msanga nthawi zina amakuza phindu, choncho 27 uja sindikumutenga ngati wosasunthika.

Gawo lomwe ndili nalo tsopano ndi loti kodi izi zingatheke kwathu. Ana a gulu la kangaru ankakhala pachifuwa pafupifupi maola 17 patsiku, anzawo ola limodzi ndi theka. Maola amenewa anatheka chifukwa zipatala zinakonza kuti mayi akhale ndi bedi m'chipinda chomwe muli ana odwala, okosijeni ndi madiripu zili pomwepo, ndipo mayi akalephera, wachibale wamkazi ankalowa m'malo. Ana amene sanathe kupuma okha pasanathe ola limodzi, ndi obadwa ndi chilema chachikulu, sanalowe m'kafukufuku, ndiye zotsatira sizikunena za iwo. Kiliniki ya kumudzi yopanda okosijeni siingangoti mwana wa kilogalamu imodzi akhale pachifuwa basi osamutumiza kuchipatala chachikulu; kangaru wa m'pepalali ankayendera limodzi ndi chithandizo chonse.

Chotsala ndi kuwerenga malangizo a WHO a 2022 pa ana obadwa masiku asanakwane, ndione mmene anagwiritsira ntchito kafukufukuyu, kenako ndilembe mabedi ndi antchito amene wodi ya makanda ingafune kuti mayi azigona pafupi ndi mwana wake.