Mmene ndinakonzera imelo yopempha kuti andibwezere ndalama za ulendo wa ntchito

Nditabwerako ku ulendo wa ntchito wa masiku atatu, kuyambira pa 12 mpaka pa 14 Meyi, ndinalemba imelo yopita ku ofesi ya zachuma usiku womwewo, kutopa kusanandithere. Inali ndime imodzi yaitali imene inkafotokoza ulendo wonse monga nkhani, ndalama zili apa ndi apo pakati pa mawu, ndipo kumapeto ndinalemba kuti zonse pamodzi zinakwana 158,920. Ndinaphatikizapo zithunzi zisanu za malisiti zimene ndinajambula ndi foni. Mwayi wake sindinaitumize, ndinaisiya kuti ndidzaione m'mawa mutu utapola.

Kutacha ndinayala malisiti onse patebulo ndi kuyamba kuwerenga imeloyo monga angaiwerengere akauntanti, munthu amene ulendowo sanayende nawo ndipo ali ndi mapempho a anthu enanso ambiri. Iye safuna kudziwa kuti basi inanyamuka mochedwa kapena kuti maphunziro anayenda bwino. Ntchito yake ndi kutenga nambala imene ndalemba, kupeza lisiti yake, ndi kuona ngati ziwirizo zikufanana. Nditayesa kuchita zimenezo ine mwini, zinandivuta, chifukwa zithunzizo zinali ndi mayina amene foni imapereka yokha, monga IMG_4417.jpg, ndipo kuti ndipeze lisiti ya malo ogona ndinachita kutsegula zitatu. Ngati mwiniwake wa ulendo ndinasochera chonchi, wina akanangoibweza imeloyo ndi mafunso.

Ndinayamba ndi malisiti, imelo ndinaisiya kaye pambali. Ndinawasanja motsatira masiku ndi kulemba nambala ndi pensulo pakona ya lisiti iliyonse, pamalo amene palibe mawu osindikizidwa. Kenaka ndinaphatikiza ndalamazo kuchokera pa mapepalawo, osayang'ana zimene ndinalemba usiku, ndi kuwonjezerapo ndalama za takisi zimene zinali m'kabuku kanga. Ndinapeza 158,650, pamene m'imelo munali 158,920, kusiyana kwake 270. Owerengera ndalama ali ndi njira yakale yofufuzira cholakwa chotere: kusiyana kukakhala kogawika ndi 9 popanda chotsala, nthawi zambiri ndiye kuti manambala awiri asinthana malo polemba. Popeza 270 ndi 9 kuchulukitsa ndi 30, sindinavutike kuphatikizanso zonse, ndinangoyang'ana manambala amodziamodzi, ndipo cholakwacho chinapezeka pa chakudya chamadzulo, pamene lisiti inkati 7,250 koma ine ndinalemba 7,520. Njirayi sikutsimikizira kuti cholakwa ndi chimenecho, imangokuuza poyambira kufufuza.

Lisiti ya malo ogona ndiyo inandidyera nthawi kuposa ina yonse. Ndinali ndi mapepala awiri a malipiro amodzi omwewo. Loyamba linali kapepala kotuluka m'makina olipirira ndi khadi, kamene kamangoonetsa tsiku ndi ndalama zonse, 96,000, osanena kuti zinali za chiyani. Lachiwiri linali lisiti yeniyeni ya malowo, yolemba chinthu chilichonse pamzere wake, ndipo usiku uja ndinajambula kapepala ka makina kokha chifukwa ndi kamene kanali pamwamba m'chikwama. Kapepala ka makina kamatsimikizira kuti ndalama zinalipidwa, koma a zachuma amafunanso kudziwa chimene chinagulidwa, choncho ndinaphatikiza mapepala onse awiri m'fayilo imodzi, lisiti yeniyeni patsamba loyamba.

Powerenga lisiti yeniyeniyo ndinaona kuti chipinda chinali 46,000 pa usiku umodzi, ndiye kuti 92,000 pa masiku awiri amene ndinagonapo, ndipo 4,000 yotsalayo inali yochapitsa zovala zanga, chinthu chimene malamulo a kuntchito kwathu salola kubweza pa ulendo waufupi. Ndinachotsa 4,000 imeneyo. Koma kungolemba 92,000 osanenapo kanthu kukanabweretsa vuto lina, pakuti wotsimikizira akanatsegula lisiti ndi kupeza 96,000, ndipo akanaganiza kuti ndalakwitsa polemba kapena kuti ndaphatikiza lisiti ya ulendo wina. Choncho pamzere womwewo ndinalemba manambala onse awiri ndi chifukwa chake. Kwa ine apa ndi pamene imelo yotere imapindulira kwenikweni: paliponse pamene ndalama zopempha zikusiyana ndi zimene zili pa lisiti, chifukwa chake chiyenera kuoneka pomwepo, osati m'ndime ina yakumunsi imene wowerenga angaipeze atakayikira kale.

Takisi inalibe lisiti, chifukwa woyendetsa analibe buku la malisiti. Ndinaganizapo zoisiya pakati pa zinazo osanena kanthu, koma mzere wopanda fayilo umaoneka msanga, ndipo umachititsa munthu kukayikira ngakhale mizere imene ili bwinobwino. Kuntchito kwathu kuli fomu imene munthu amalemba lisiti ikasowa, ndipo bwana wake amasainira. Ndinalembamo tsiku, kumene ndinachokera, kumene ndinkapita ndi ndalama zake, bwana anasaina, ndipo fomuyo inatenga nambala 5 pamndandanda monga lisiti ina iliyonse. Malo ena antchito alibe fomu yotere ndipo ena salipira n'komwe popanda lisiti, choncho ndi bwino kufunsa musanatumize.

Zithunzi ndinazijambulanso zonse. Pa chimodzi chala changa chinaphimba tsiku, pa china mzere wa ndalama zonse unadulidwa. Lisiti ya chakudya inali ya pepala lija loterera limene makina amalembapo ndi kutentha m'malo mwa inki, ndipo pepala lotere limafufutika likakhala padzuwa kapena pamalo otentha, mwakuti pa yanga manambala anali atayamba kale kuzilala chifukwa inagona m'thumba la malaya masiku awiri. Ndinaika lisiti iliyonse pa chikuto chakuda cha buku, pafupi ndi zenera, ndi kuijambula kuchokera pamwamba penipeni kuti makona onse anayi aoneke. Ndisanapitirire ndinkakulitsa chithunzi chilichonse kuti ndione zinthu zinayi, dzina la wogulitsa, tsiku, chimene ndinagula ndi ndalama zonse. Kenaka ndinazisandutsa PDF ndi kuzipatsa mayina oyamba ndi nambala ija ya pensulo:

```
01_basi-popita_12-Meyi_18500.pdf
02_malo-ogona_12-14-Meyi_92000.pdf
03_chakudya_12-Meyi_7250.pdf
```

Ziro wa kutsogoloyo ali ndi ntchito yake, chifukwa mafayilo akapitirira asanu ndi anayi, mapulogalamu ena amaika 10 patsogolo pa 2 posanja mayina. Ndinaonanso kukula kwa mafayilo onse pamodzi, popeza Gmail mwachitsanzo imalola mpaka 25 MB pa imelo imodzi, ndipo zikapitirira imaika linki m'malo mwa mafayilo enieniwo, linki imene wolandira nthawi zina amalephera kuitsegula. Anga sanafike ngakhale theka la malirewo.

Apa mpamene ndinabwerera ku mawu a imelo. Mutu wake poyamba unali wakuti "Ndalama za ulendo", umene sungathandize munthu amene akufufuza imeloyi patapita miyezi itatu. Ndinausintha kukhala "Pempho lobwezeredwa ndalama: ulendo wa maphunziro, 12 mpaka 14 Meyi, 54,650". Masiku onse ndinawalemba ndi dzina la mwezi, chifukwa 12/05 wina amawerenga kuti 12 Meyi pamene wina, makamaka wozolowera kalembedwe koyamba ndi mwezi, amawerenga kuti 5 Disembala. Nkhani yonse ya mmene ulendo unayendera ndinaichotsa, ngakhale kuti chiganizo chimodzi chonena za basi imene inatiimika panjira ndinachikonda ndithu.

Cholakwa chachikulu kuposa zonse ndinachipeza pomaliza. Ndisananyamuke ofesi inandipatsiratu 100,000 za ulendowo, ndipo usiku uja sindinazitchule n'komwe, mwakuti imeloyo inkaoneka ngati ndikupempha ndalama zonse kachiwiri. A zachuma akanazipeza okha m'mabuku awo, koma si zabwino kuti ndalama zimene unalandira akukumbutse ndi munthu wina. Ndinaika manambala atatu pamodzi, zonse zimene ndinagwiritsa ntchito, zimene ndinalandiriratu ndi zotsala, ndipo zotsalazo ndinazitchulanso m'chiganizo choyamba kuti wowerenga adziwe chimene ndikupempha asanatsike pamndandanda. Imeloyo inatha motere:

Kwa a ku ofesi ya zachuma,

Ndikupempha kuti mundibwezere 54,650 imene ndinagwiritsa ntchito kuchokera m'thumba mwanga pa ulendo wa maphunziro wa pa 12 mpaka pa 14 Meyi, umene bwana wanga anavomereza. Nambala ya mzere uliwonse ndi yomweyo imene ili pa fayilo ya lisiti yake.

1. 12 Meyi, basi popita: 18,500
2. 12 mpaka 14 Meyi, malo ogona, masiku awiri pa 46,000: 92,000. Lisiti ikuonetsa 96,000, ndachotsa 4,000 yochapitsa zovala.
3. 12 Meyi, chakudya chamadzulo: 7,250
4. 13 Meyi, kusindikiza mapepala a ophunzira: 13,400
5. 13 Meyi, takisi yopita kumalo a maphunziro: 5,000. Lisiti palibe, ndaikapo fomu yosainidwa ndi bwana.
6. 14 Meyi, basi pobwerera: 18,500

Zonse pamodzi: 154,650
Zimene munandipatsiratu: 100,000
Zotsala zoti mundibwezere: 54,650

Mafayilo alipo asanu ndi limodzi. Malisiti enieni ndawasunga ndipo ndikhoza kubwera nawo ngati mungawafune. Zikomo kwambiri.

Mndandandawu ndinaulemba m'mizere wamba osati m'tebulo, chifukwa tebulo lokopedwa kuchokera ku Excel nthawi zina limasokonekera wolandira akatsegula imelo pafoni, manambala n'kuchoka pansi pa mitu yake. Mizere ikanakhala makumi awiri ndikanaphatikizapo fayilo ya Excel, koma isanu ndi umodzi imawerengeka bwino chonchi. Kuchuluka kwa mafayilo ndinakutchula dala, kuti ina ikasowa panjira wolandira adziwe popanda kufufuza.

Mizere 1 ndi 6 inandichititsa kuimanso pang'ono, popeza ndalama zake n'zofanana ndipo kampani ya basi ndi imodzi. Wotsimikizira akaona zotere amayamba waganiza kuti lisiti imodzi yatumizidwa kawiri, ndiye ndinaonetsetsa kuti pa zithunzi zonse ziwiri tsiku ndi nambala ya tikiti zikuoneka bwino, ndiponso kuti mawu akuti "popita" ndi "pobwerera" ali m'imelo ndi m'mayina a mafayilo momwe.

Ndisanatumize ku ofesi ya zachuma ndinadzitumizira ndekha imeloyo, ndinaitsegula pafoni, ndi kutsegula mafayilo onse kuyambira 01 mpaka 06, ndikuyerekeza iliyonse ndi mzere wake. Pa fayilo yachinayi ndinapeza kuti lisiti ya kusindikiza inali chozondoka, ndipo ndinaitembenuza ndi kuiikanso. Ndinaphatikiza manambala komaliza kuchokera m'imelo yomweyo, kuyambira pansi kupita pamwamba kuti diso lisatsate njira imene linazolowera, ndipo anakwana 154,650. Ndinalemba keyala ya ofesi ya zachuma pomalizira penipeni, ndinaika bwana pa Cc kuti aone kuti fomu imene anasaina yapita, ndipo malisiti enieniwo ndinawatsekera mu envulopu ndi kuwaika m'dilowa mmene simufika dzuwa.