Momwe ndimayezera makhololo a chifuwa chachikulu

Kabotolo ka makhololo kakafika patebulo langa mu labotale, ndimayamba ndayang'ana ngati zili m'katimo ndi makhololo enieni ochokera m'chifuwa, pakuti malovu okhaokha nthawi zambiri sasonyeza kanthu. Ndimatapa kachigawo kolimba, kachikasu, n'kupaka pakagalasi mopyapyala ndithu, moti zilembo za m'nyuzipepala zizitha kuonekera kunsi kwake. Zikauma zokha ndimadutsitsa kagalasiko pamoto katatu kuti makhololo amatirire.

Kachilombo kamene ndikufuna, komwe Robert Koch anakatulukira m'chaka cha 1882, sikalandira utoto wamba monga mabakiteriya ena. Khungu lake ndi lochindikala ndipo ndi lodzaza mafuta olimba ngati phula, otchedwa maikoliki asidi, choncho utoto wosungunulidwa m'madzi umangotsetsereka pamwamba osalowa. N'chifukwa chake timatsata njira ya Ziehl-Neelsen. Ndimathira utoto wofiira wa kabo fukisini mpaka kagalasi konse kakwiririke, kenaka ndimatenthetsa kunsi kwake kufikira nthunzi itayamba kufuka, ndipo ndimausiya mphindi zosachepera 5. Kutenthako pamodzi ndi mankhwala otchedwa feno amene ali mu utotowo ndi zomwe zimaulowetsa m'khungu laphulalo. Pamafunika maso apa, chifukwa utoto ukawira kapena kuumira pagalasi umasiya timibulu tofiira timene tinganyenge woyeza.

Ndikatsuka ndi madzi, ndimathira asidi wosakaniza ndi alikoho kwa mphindi ngati 3. Asidiyu amachotsa kufiira pa china chilichonse, koma kachilombo ka chifuwa chachikulu kamakana kubweza utoto umene kalandira, popeza khungu lomwe linavuta kuulowetsa ndi lomwenso likuutsekera m'kati. Pomaliza ndimathira utoto wa buluu kwa mphindi imodzi. Pa maikulosikopu, kudzera m'dontho la mafuta, tizilomboto timaoneka ngati timizere tofiira, topindika pang'ono, tili pakati pa maselo a buluu. Ndisananene kuti mulibe kanthu ndimayang'ana malo 100 pakagalasi kamodzi. Ndikawerenga tizilombo pakati pa 10 ndi 99 m'malo 100 onsewo ndimalemba 1+, ndipo tikapitirira 10 pamalo aliwonse ndimalemba 3+.

Malire a njirayi ndiyenera kuwanena poyera. Pamafunika tizilombo pafupifupi 5,000 mpaka 10,000 mu mililita imodzi ya makhololo kuti tioneke, choncho ana ndi anthu amene chitetezo chawo chatsika chifukwa cha HIV amatha kudwaladi koma galasi osaonetsa kanthu. Makina a GeneXpert, omwe amafufuza DNA ya kachilomboko m'makhololo, amathandiza pamenepa, ndipo amaululanso ngati kachilomboko kakupima mankhwala a rifampisini. Komabe potsatira wodwala amene wayamba kale mankhwala timabwerera kugalasi, chifukwa makinawo amapeza zotsalira za tizilombo takufa kwa nthawi yaitali.

Munthu amene ndamulembera 3+ ndimayembekeza kuonanso makhololo ake kumapeto kwa mwezi wachiwiri, wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi. Miyezi iwiri yoyamba amamwa mankhwala anayi, omwe ndi rifampisini, aisoniyazidi, pirazinamaidi ndi etambuto, ndipo miyezi inayi yotsatira amapitiriza ndi awiri oyambawo. Ambiri amandifunsa kuti, "Adokotala, chifuwa chasiya, thupi labwerera, nanga mankhwala ndimwerenji mpaka miyezi 6?" Funsoli ndimalilemekeza, pakuti kumwa mapiritsi tsiku ndi tsiku munthu akudzimva kuti wachira si chinthu chapafupi.

Yankho lake lagona pa kaswedwe ka kachilomboka. Mabakiteriya ena a m'matumbo amagawikana pa mphindi 20 zilizonse, pamene aka kamatenga maola 15 mpaka 20 kuti kagawikane kamodzi. Aisoniyazidi amapha poletsa kupangidwa kwa maikoliki asidi, kutanthauza kuti amagwira bwino ntchito pa tizilombo timene tikumanga khungu latsopano. Toswana mofulumira timafa m'masabata oyambirira, ndipo ndi pamenepo wodwala amapezako bwino. Koma tina timakhala chete m'kati mwa maselo a chitetezo ndiponso m'zilonda za m'mapapo momwe mpweya ndi wochepa, osaswana, n'kumadzuka mwa apo ndi apo. Timeneti amatimaliza pang'onopang'ono ndi pirazinamaidi ndi rifampisini, ndipo amafuna miyezi kuti atipeze tonse.

Choncho galasi la mwezi wachiwiri likakhala loyera ndimauza wodwalayo mosabisa kuti tizilombo tangochepa kufika pamene maso anga sangatione, koma sitinathe. Akasiyira pomwepo matenda amatha kubwerera, ndipo kumwa modumphadumpha kumapereka mpata kwa tizilombo topima mankhwala kuti tichulukane. Timizere tofiira tikaonekabe pamwezi wachisanu, timati mankhwala alephera, ndipo makhololo atsopano ndimawatumiza kuti akayezedwe ngati kachilomboko kakupima rifampisini ndi aisoniyazidi.